Bwana Ndinu Nomwe: Penshoni ya Munthu Wodzilemba Yekha Ntchito

Munthu wolembedwa ntchito amene amalandira K400,000 pamwezi akayang'ana pepala lake la malipiro amapezapo mzere wa penshoni, pomwe pachotsedwa K20,000. Ambiri amangodandaula kuti awadula, nkupinda pepalalo. Chimene sachiona bwino n'chakuti bwana wawo nayenso waikapo K40,000 yochokera m'thumba la kampani. Choncho mwezi uliwonse K60,000 imalowa m'thumba la penshoni m'dzina lawo, iwo atatulutsapo gawo limodzi lokha mwa magawo atatu.

Umu ndi mmene lamulo la penshoni la dziko lino linakonzera zinthu kuyambira mu 2011, ndipo lamulo latsopano la mu 2023 silinasinthe mfundo imeneyi. Wantchito amasonkha ndalama zosachepera K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo wolemba ntchito amawonjezera zosachepera K10 pa K100 iliyonse. Ndalamazi siziyenera kukhala muakaunti ya kampani. Zimayenera kutumizidwa ku thumba la penshoni pasanathe masiku 14 mwezi ukatha, ndipo kumeneko amazilowetsa m'zinthu zobala phindu: kubwereketsa boma, kugula masheya pamsika wa masheya wa ku Blantyre, kumanga nyumba za maofesi zochititsa lendi. Phindulo amaligawa kwa mamembala molingana ndi zomwe aliyense ali nazo. Pamwamba pa izi, bwana amayenera kulipirira wantchito aliyense inshulansi ya moyo, kuti akamwalira ali pantchito banja lake lilandire ndalama zosachepera malipiro a chaka chathunthu, kuphatikiza pa zomwe anasonkha.

Wolembedwa ntchito ndiye kuti amapeza zinthu zitatu popanda kuziganizira n'komwe. Amasunga mokakamizidwa, ndalama isanafike m'manja mwake. Amawonjezeredwa ndi bwana. Ndipo banja lake ndi lotetezedwa akafa msanga. Telala wa ku Ndirande, mnyamata wa kabaza ku Mchesi, mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Mzuzu, kalipentala, wometa, loya wodziyimira payekha, onsewa alibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Ndipo dziko lathu lilibe penshoni ya boma yoperekedwa kwa nkhalamba iliyonse. Mtukula Pakhomo amafikira mabanja osaukitsitsa okha, ndipo ndalama yake si yoti munthu angaikepo chiyembekezo cha ukalamba wake wonse. Amene amadzilemba yekha ntchito ayenera kuvomera kuti pankhani iyi iye ndi anthu awiri: wantchito wosonkha K5, komanso bwana wowonjezera K10.

Malipiro anu ndi zingati?

Apa ndi pomwe ambiri amakodwa asanayambe n'komwe. Wa geni ukamufunsa kuti amapeza zingati pamwezi amakuuza zomwe wagulitsa, kapena amangoti "zimatengera". Koma gawo la penshoni silichoka pa zogulitsa. Limachoka pa zomwe zatsala mpamba utabwerera m'malo mwake ndipo zolipira zonse za bizinesi zitalipidwa.

Tiyerekeze mayi wa zaka 40 amene ali ndi shopu yosokera zovala, makina awiri ndi mtsikana mmodzi womuthandiza. Pamwezi wabwinobwino m'shopumo mumalowa K900,000. Nsalu, ulusi, mazipi, mabatani ndi zomatira m'makolala zimadya K250,000. Lendi ya shopu ndi K80,000. Mtsikana uja amalandira K130,000. Magetsi, chiphaso cha kukhonsolo, singano, mafuta a makina ndi kukonzetsa zikawonongeka, tingoti K40,000. Zonsezi zikukwana K500,000. Zotsala, K400,000, ndiwo malipiro a mayiwa, ngakhale kuti sawalandira tsiku limodzi muenvulopu. Amawatapa pang'onopang'ono: lero ya ndiwo, mawa ya makala, mkuja ya mayeso a mwana. N'chifukwa chake mwezi ukatha amaona ngati sanapeze kanthu.

Ndaika dala K400,000 kuti afanane ndi wolembedwa ntchito uja. Kuti mayiwa akhale pamlingo umodzi ndi iye, ayenera kupatula K15 pa K100 iliyonse, yomwe ndi K60,000 pamwezi. Kuitchula choncho ikuoneka yaikulu. Koma ndi K15,000 pasabata, kapena pafupifupi K2,000 patsiku, ndipo kwa munthu amene ndalama imamufika tsiku ndi tsiku, kuwerenga patsiku kapena pasabata ndi kumene kumagwira. Kudikira kumapeto kwa mwezi kuti aone zatsala zingati n'kudzinamiza, chifukwa m'nyumba ya Mmalawi ndalama simatsala. Maliro, zinkhoswe ndi odwala zimaipeza kulikonse komwe yabisala.

Amene salemba zolowa ndi zotuluka ayambe ndi kope wamba la ana asukulu, tsamba lakumanzere zolowa, lakumanja zotuluka, kwa miyezi itatu. Mwezi umodzi sukwanira, chifukwa geni ili ndi nyengo zake. Telala amasoka usiku wonse sukulu zikamatsegulidwa ndiponso m'nyengo ya maukwati, koma mu Febuluwale makina amangokhala chete. Ichi ndicho chifukwa chake ndi bwino kumangirira chopereka pa gawo, osati pa nambala imodzi. Mwezi womwe phindu lafika K700,000, gawo la penshoni ndi K105,000. Mwezi womwe latsika kufika pa K150,000, gawolo ndi K22,500, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi. Mlimi wa fodya kapena wa soya, yemwe ndalama yake imabwera kamodzi pachaka, amachita chimodzimodzi sabata yomweyo imene walandira, ngongole ya feteleza itachotsedwa.

Kodi zidzakwana?

Tisanamizane. Masamu a penshoni sasangalatsa kwenikweni, ndipo otsatsa malonda amakonda kuonetsa manambala aakulu a mamiliyoni mazanamazana omwe munthu adzakhale nawo patapita zaka 20, osanena kuti nthawi imeneyo thumba la chimanga lidzakhala pa zingati. Njira yachilungamo ndi kuwerengera mu ndalama za lero. Tingoyerekeza kuti phindu la thumba la penshoni likungoyenda limodzi ndi kukwera mitengo kwa zinthu, osapitirira, osatsalira, ndiponso kuti mayi aja akukweza chopereka chawo mitengo ikamakwera.

K60,000 pamwezi ndi K720,000 pachaka. Akasonkha kuyambira zaka 40 mpaka 60, ndiye kuti asonkha K14.4 miliyoni ya mphamvu ngati ya lero. Akati aidye kwa zaka 15, yomwe ndi miyezi 180, aziona K80,000 pamwezi. Munthu amene anazolowera K400,000 adzakhala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu. Akanayamba ali ndi zaka 25, akanasonkha K25.2 miliyoni, yopatsa K140,000 pamwezi. Akazengereza mpaka zaka 50, adzapeza K7.2 miliyoni yokha, K40,000 pamwezi.

Wina angati ndiye phindu lake n'chiyani. Funsani agogo amene amadikira mdzukulu awatumizire ya sopo pafoni, akuuzani kusiyana kwa K80,000 yodziwika tsiku lobwera ndi kupanda kalikonse. Ndalamayi imagula mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, imalipira madzi ndi magetsi, imamupatsa munthu ulemu wosapemphetsa kwa ana omwe nawonso akulimbana ndi fizi. Koma masamuwa akutiuzanso zoona zina: K15 pa K100 ndi poyambira chabe, ndipo woyamba mochedwa ayenera kukweza gawolo kufika pa K20 kapena K25, kapenanso kukhala ndi china chapambali.

Mdani wamkulu ndi kugwa mphamvu kwa kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Kwa zaka zingapo zapitazi mitengo yakhala ikukwera ndi zoposa 20 peresenti pachaka. Mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti chaka chilichonse, ndalama imataya theka la mphamvu yake m'zaka zitatu zokha. Izi zikutanthauza zinthu ziwiri kwa mayi athu aja. Choyamba, akangokakamira pa K60,000 chaka ndi chaka pomwe mtengo wosokera diresi aukweza, m'zaka zitatu adzakhala akusonkha theka la zomwe anayamba nazo osadziwa. Chachiwiri, phindu lililonse lomwe alonjezedwa aziliyerekeza ndi kukwera kwa mitengo. K100,000 ikabala K20,000 m'chaka chomwe katundu wa K100,000 wafika pa K128,000, munthu waluza ngakhale kuti nambala papepala yakula. Pachifukwa chomwechi, akaunti wamba ya kubanki, yomwe chiwongoladzanja chake chimakhala chochepa kwambiri poyerekeza ndi mitengo, ndi malo oipa osungiramo ndalama ya zaka 20.

Kokaika ndalamazo

Ambiri sadziwa kuti khomo la penshoni silotsekedwa kwa munthu wopanda bwana. Pali matumba a penshoni a kampani imodzi, omwe amalandira antchito a kampaniyo okha, koma palinso matumba otseguka, ndipo lamulo la mu 2023 linatsegula bwino njira yoti munthu azisonkha mwakufuna kwake, m'dzina lake. Makampani oyendetsa penshoni monga Old Mutual, NICO Pension, NBM Pensions Administration ndi Continental Pension Services ndi ena mwa malo okafunsako. Onse ochita ntchitoyi amayenera kukhala ndi chiphaso chochokera kwa mkulu woyang'anira mabungwe a zachuma, yemwe ndi gavanala wa banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi. Amene sangaonetse chiphaso chimenechi musamupatse ngakhale tambala, kaya wavala suti yotani.

Popita mutenge chiphaso cha unzika, nambala ya foni yomwe simusinthasintha, ndi maina komanso masiku obadwa a anthu omwe mukufuna adzalandire ndalamazo inu mukadzatisiya. Ndipo musasaine tsiku lomwelo. Khalani pansi ndi wa muofesiyo, mumufunse bwinobwino. "Achimwene, mwezi wina ndikalephera kupereka, chimachitika n'chiyani?" Funso ili ndiye lalikulu kwa munthu wa geni. Pali mapangano ena, makamaka a inshulansi yosungirako ndalama, omwe munthu akadumphitsa miyezi ingapo amafa, ndipo akasiya m'zaka zoyambirira amabwezeredwa zochepa kuposa zomwe anaika. Telala amene amadziwa kuti Febuluwale ndi wouma akufunika thumba lolola kupereka zambiri lero, zochepa mawa, osalangidwa.

Mufunsenso kuti pa K100 iliyonse yomwe mwapereka, ndi zingati zomwe zimachotsedwa ngati zolipira ntchito yawo, ndiponso ndi zingati zomwe amachotsa chaka ndi chaka pa ndalama zonse zomwe zasonkhana. Chachiwirichi chimaoneka chaching'ono, koma chimaluma chaka chilichonse pa mulu womwe ukukulirakulira. Apempheni akuonetseni phindu lomwe anagawira mamembala m'zaka zisanu zapitazo, chaka ndi chaka, inu muliike pambali pa kukwera kwa mitengo m'zaka zomwezo. Chaka chimodzi chabwino sichinena kanthu, chifukwa masheya amakwera ndi kutsika. Kenako mufunse za kutapa: ndi liti pomwe mungatengeko, zingati, ndipo msonkho udzadya zingati. Malamulo a ndalama zosonkha mwakufuna safanana ndendende ndi a penshoni ya kuntchito, choncho yankho likhale lolembedwa, osati la pakamwa.

Mukayamba kupereka, kaya kudzera kubanki kapena pafoni, sungani umboni wa chopereka chilichonse. Mauthenga a pafoni amafufutika, foni imabedwa, ndiye lembaninso m'kope lija tsiku, ndalama ndi nambala ya risiti. Sitetimenti ikabwera muiwerenge mzere ndi mzere. Ngati munapereka maulendo khumi koma pakuoneka asanu ndi atatu, chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti nambala ya umembala inalembedwa molakwika ndipo ndalama zangokhala penapake zopanda mwini. Zimenezi zimakonzeka mosavuta chaka chomwecho, koma patapita zaka khumi ndi mtunda wautali.

Amene munagwirapo ntchito kale

Anthu ambiri odzilemba okha ntchito anayamba alembedwapo kwinakwake: anali alonda, ophunzitsa pasukulu yoti si yaboma, oyendetsa galimoto za kampani. Ngati ndinu mmodzi wa iwo ndipo ankakudulani ya penshoni, mwina muli ndi ndalama zomwe munaziiwala. Kusiya ntchito sikufafaniza zomwe munasonkha. Zimakhalabe m'dzina lanu ndipo zimapitiriza kubala. Lamulo limalola munthu amene wakhala miyezi itatu osapeza ntchito ina kupempha gawo lomwe anasonkha yekha pamodzi ndi phindu lake. Kale inali miyezi isanu ndi umodzi. Gawo la bwana limasungidwa mpaka munthu atafika popuma, ndipo zaka zochepetsetsa zopumira pa lamuloli ndi 50. Ambiri amatenga gawo lawolo kuti likhale mpamba wa geni, nkuganiza kuti nkhani yathera pomwepo, chonsecho gawo lalikulu latsala.

Pitani ku kampani yomwe inkayendetsa thumbalo, osati kwa bwana wakale, mukapemphe sitetimenti. Apa ndi pomwenso ena amatulukira zowawa: papepala la malipiro ankadulidwa mwezi ndi mwezi, koma bwana sankatumiza. Vutoli ndi lofala m'dziko muno ndipo banki yaikulu yakhala ikulidandaula poyera. Chizindikiro chake ndi miyezi yopanda kanthu pasitetimenti pomwe mapepala anu a malipiro akuonetsa kuti munadulidwa. Tengani mapepala onse awiri mukadandaule ku ofesi ya mkulu woyang'anira mabungwe a zachuma uja. Ndalamazo ndi ngongole yomwe bwanayo ayenera kubweza.

Nanga banki mkhonde, nyumba ya lendi, ng'ombe?

"Penshoni yanga ndi nyumba zanga za lendi," amatero anthu ambiri a m'tauni, ndipo sakulakwa kwenikweni. Nyumba ili ndi ubwino woti lendi imakwera limodzi ndi mitengo. Koma imafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, alendi amathawa ndi ngongole, denga limadontha, ndipo munthu wa zaka 75 sangathe kumathamangitsana ndi anyamata okana kulipira. Poloti yopanda mapepala ndiye imatha kusanduka mlandu wa kwa amfumu m'malo mwa chuma. Ine ndimaona kuti nyumba ndi penshoni zimathandizana, sizilowana m'malo: K15,000 ya pasabata singamange nyumba chaka chino, koma ikhoza kuyamba kubala sabata ino.

Banki mkhonde ndi chida chabwino cha ntchito ina. Imaphunzitsa kusunga, imapereka ngongole yachangu ya mpamba, koma imagawidwa pakutha pa chaka, nthawi zambiri mu Disembala, feteleza, Khirisimasi ndi fizi zili pakhomo. Ndalama yomwe imabwerera m'manja chaka chilichonse sifika zaka 20. Ndiponso palibe boma lomwe limayang'anira bokosilo. Msungichuma akasowa, zasowa. Njira yanzeru ndi kuigwiritsa ntchito ngati posonkhanitsira: tsiku logawana, gawo lomwe munalonjeza lipite ku thumba la penshoni musanafike nalo kunyumba. Ma SACCO ali pakati: amayang'aniridwa ndi lamulo, amagawa phindu pa masheya, koma ambiri amalowamo n'cholinga chokongola, ndipo masheya omwe ali chikole cha ngongole si a ukalamba.

Chifukwa chenicheni chomwe thumba la penshoni limaposera njira zinazi ndi chomwecho chimene anthu amadana nalo: ndalama zake sizitengeka mwachisawawa. Mlamu akabwera ndi vuto, mukhoza kumuuza moona mtima kuti simungathe kuzitapa. Komatu ubwino womwewu umasanduka msampha kwa munthu amene waika zonse m'menemo. Makina a mayi aja akapsa, kapena mwana akagonekedwa m'chipatala, adzalowera kwa akatapira chonsecho ali ndi mamiliyoni otsekeredwa. Choncho asanafike pa K60,000 yathunthu, ayambe amanga kathumba ka mwadzidzidzi kokwana zofunika panyumba za miyezi itatu, pamalo poti angatenge m'masiku ochepa. Chaka choyamba akhoza kugawa pakati, K30,000 uku, K30,000 uko, mpaka kathumbako katadzaza.

Chatsala ndi chachitatu chija chomwe bwana amapereka mwakachetechete: inshulansi ya moyo. Mayi aja akamwalira atasonkha zaka ziwiri zokha, ana awo adzalandira pafupifupi K1.4 miliyoni ndi kaphindu kake, basi. Mnzawo wolembedwa ntchito uja akanasiyira ana ake ndalama ngati zomwezo, kuphatikizapo K4.8 miliyoni ya malipiro a chaka. Amene ali ndi ana aang'ono afunse mtengo wa inshulansi ya moyo yokhayokha, yosaphatikiza ndi zosunga, ndipo asaisokoneze ndi ya maliro, yomwe imathera pa bokosi ndi chakudya cha pasiwa.

Fomu yotchula odzalandira ija muilembe mosamala, maina monga alili pa ziphaso, ndi gawo la aliyense lokwana 100 mukaphatikiza. Oyang'anira thumba amatsata fomuyo pogawa, ndipo imatchinjiriza amasiye kwa achibale olanda chuma. Mukakwatira, ukwati ukatha, mwana akabadwa kapena wina mwa otchulidwawo akamwalira, pitani mukalembe ina. Ndipo muuzeko munthu mmodzi wodalirika dzina la kampaniyo ndi komwe mwaika mapepala, chifukwa thumba la penshoni silimva kulira kwa pamaliro. Limalipira pokhapokha wina akabwera ndi kalata ya imfa kudzafunsa.